Holo Yadzaza, Koma Afika Ndani?

Msonkhano ukangotha, mipando isanabwezedwe n'komwe, wapampando amafunsa mlembi kuti, "Kodi tinalipo angati?" Nthawi zambiri yankho limakhala lakuti, "Anthu anabwera ambiri, bwana, holo inachita kudzaza." Yankho lotere limasangalatsa mtima, koma pali anthu atatu amene sangagwire nalo ntchito. Mayi amene anaphika akufuna kudziwa kuti alipidwa mbale zingati. Msungichuma akufuna kudziwa kuti ndalama zoyendera apereka kwa anthu angati. Amene anapereka thandizo kuti msonkhanowo uchitike akufuna kudziwa ngati anthu amene anawaitana ndi omwewo amene anakhala pamipandoyo. Mafunso atatuwa ali ndi mayankho osiyana, ndipo onse amachokera pa pepala limodzi: mndandanda wa olembetsa, umene umayamba kulembedwa msonkhano uli kutali ndi kutsekedwa msonkhano utatha.

Cholakwika chachikulu pa ntchito imeneyi chimaoneka ngati masamu abwinobwino. Munthu amatenga chiwerengero cha oyembekezeka, n'kuchotsapo chiwerengero cha amene anali muholo, n'kunena kuti chotsalacho ndiwo osafika. Masamu amenewa amanama, chifukwa muholo simukhala oitanidwa okhaokha. Mumakhalanso otumidwa ndi anzawo, ndi ena amene angomva kuti kuli msonkhano. Aliyense wobwera osalembetsa amabisa mpando wa munthu mmodzi amene sanafike. Kuti tione mmene izi zimachitikira, titenge chitsanzo chongoyerekeza, koma chofanana ndi zimene zimachitika m'maholo ambiri a pa boma.

Tinene kuti bungwe lina laitana atsogoleri a magulu a banki mkhonde a m'boma lina kumaphunziro a kasungidwe ka mabuku. Ena alembetsa kudzera pa fomu ya Google Forms, ena atumiza mayina pa WhatsApp, ena mayina awo abwera papepala ndi alangizi a m'madera. Mlembi ataphatikiza zonsezi pa kompyuta wapeza mizere 214.

Mzere umodzi, munthu mmodzi

Mizere 214 si anthu 214. Mayi amene analemba fomu pa foni netiweki n'kuchedwa, anadinanso kachiwiri. Bambo wina anatumiza yekha dzina lake, mlangizi wa kwawo n'kumulembanso papepala. Ntchito yoyamba ya mlembi ndi kusefa mayina obwerezawa, ndipo imavuta kuposa mmene imamvekera, chifukwa kwathu kuno dzina silokwanira kuzindikirira munthu. A Banda, a Phiri ndi a Mwale amakhala ambiri pa mndandanda uliwonse, ndipo si zachilendo kupeza anthu awiri osiyana okhala ndi mayina onse awiri ofanana. Komanso munthu mmodzi akhoza kuoneka ngati awiri. Wina amalemba Chirwa, mlangizi n'kulemba Chilwa. Mayi amalembetsa ndi dzina la kwa amuna awo pomwe pa chiphaso cha unzika pali dzina la kwa makolo.

N'chifukwa chake alembi odziwa ntchito amasefa ndi nambala ya foni, osati ndi dzina lokha. Apa pali kamsampha kena. Nambala za foni za kuno zimayamba ndi ziro, monga 088 za TNM ndi 099 za Airtel, ndipo pologalamu ya Excel ikaona nambala yoyamba ndi ziro imachotsa ziroyo. Ndiye wina amalemba kuyambira ndi 0, wina kuyambira ndi +265, wina amasiya mipata pakati. Kwa kompyuta izi ndi nambala zitatu zosiyana. Musanalembe nambala iliyonse, danga lonse la mafoni lisinthidwe kukhala la Text, ndipo nambala zonse zilembedwe mofanana, manambala khumi opanda mpata. Zikatero, ngati mafoni ali m'danga C, kachilinganizo aka kamaonetsa kuti nambala ya pa mzere wachiwiri yapezeka kangati:

```
=COUNTIF(C:C,C2)
```

Mukakakokera mmunsi mpaka mzere womaliza, paliponse pamene patuluke 2 kapena kuposa ndi poyenera kuyang'anitsitsa. Ndati kuyang'anitsitsa, osati kufufuta. M'midzi yambiri foni imodzi imatumikira banja lonse, mwina gulu lonse, ndipo mlangizi akhoza kulemba nambala yake pa mayina asanu. Nambala ikabwereza koma mayina ndi osiyana, muyenera kuimba ndi kufunsa. Mu chitsanzo chathu, mlembi ataimba wapeza kuti mizere 9 ndi yobwerezadi. Anthu enieni ndi 205.

Mizere 9 ija asaifufute. Aike chizindikiro chakuti ndi yobwereza, iisiye pomwepo. Mndandanda umene mizere yake imasowa mwakachetechete sungafotokozedwe kwa munthu wofufuza mabuku, ndipo tsiku lina wina adzafunsa kuti mayina 214 aja anatsika bwanji. Lamulo lomweli ndi la anthu amene anena msonkhano usanachitike kuti sabwera. Mu chitsanzo chathu alipo 17: wina ali ndi matenda, wina kwagwa zovuta, wina waitanidwa kwina. Amenewa si osafika. Anapepesa nthawi ilipo, ndipo mipando yawo ikanatha kupatsidwa kwa ena. Tikawachotsa, otsala ndi 188. Awa ndiwo oyembekezeka, ndipo ziwerengero zonse za pambuyo ziziyezedwa ndi nambala imeneyi.

Mndandanda wabwino sufuna madanga ambiri. Nambala ya mzere, dzina, foni, dera kapena gulu lochokerako, danga la mmene zilili, nthawi yofikira, ndi danga la ndemanga. Pa onsewa, lofunika kwambiri ndi la mmene zilili, ndipo m'menemo muzilowa mawu ochepa amene mwagwirizana: WAFIKA, WATUMA, SANAFIKE, WAPEPESA, WABWEREZA, WOSALEMBETSA. Munthu aliyense akhale ndi liwu limodzi lokha. Mlembi wina akalemba "wabwera", wina "alipo", wina n'kungochonga, kompyuta siingawerenge. Ngakhale kampata kosaoneka kumapeto kwa liwu kamachititsa kuti mzerewo ulumphidwe. Mu Excel ndi mu Google Sheets muli chida chotchedwa Data Validation chimene chimachititsa kuti wolemba azingosankha pa mawu amene mwaikiratu. Kuchikonza kumatenga mphindi zochepa, ndipo kumapulumutsa madzulo athunthu a kusakasaka.

Pakhomo

Zonse zimakoma kapena kuwonongekera pa tebulo la pakhomo, m'mawa, anthu akufika pamodzi kuchokera m'maminibasi ndi pa kabaza. Tiyerekeze kuti munthu mmodzi amatenga theka la mphindi kuti dzina lake lipezeke ndi kuchongedwa. Anthu 176 pa tebulo limodzi atenga mphindi 88, pafupifupi ola ndi theka. Palibe amene angaime pamzere nthawi yonseyo pemphero lotsegulira likumveka mkati. Anthu amayamba kulowera kukhomo la kumbali akunena kuti adzalembetsa nthawi ya tiyi, ndipo ambiri mwa iwo salembetsanso. Matebulo atatu amatsitsa nthawiyo kufika pa theka la ola, ndipo mzere wotere anthu amaupirira.

Kugawa matebulo kumafuna nzeru pang'ono. Mukagawa zilembo mofanana, kuti tebulo loyamba litenge A mpaka I, lachiwiri J mpaka R, lachitatu S mpaka Z, mudzapeza kuti tebulo lapakati lapanikizika, chifukwa mayina oyamba ndi K, M, N ndi P ndi ochuluka kwambiri kuno, pamene lachitatu likungoyang'ana. Gawani powerenga mizere, kuti tebulo lililonse likhale ndi mayina ofanana kuchuluka kwake. Pa msonkhano ngati wathuwu, kugawa ndi madera kumathandiza kuposa zilembo: anthu a dera limodzi amafika limodzi, amadziwana, ndipo mlangizi wawo akhoza kuima pafupi kuthandiza pamene dzina lavuta.

Tebulo lililonse likhale ndi gawo lake lokha la mndandanda. Mukasindikiza mndandanda wonse katatu, munthu mmodzi akhoza kuchongedwa pa mapepala awiri, iye pa tebulo ili, mnzake n'kumuchongetsanso pa tebulo linalo pofuna kumuthandiza. Ndipo ngakhale muli ndi laputopu kapena foni yowerenga makadi a QR, pepala lisasowe. Magetsi amazima, batire imatha, netiweki imathawa nthawi imene mzere watalika. Makina owerenga makadi nawonso ayenera kufunsidwa bwino: ena amaonetsa kuti khadi yawerengedwa kangati, osati kuti alowa anthu angati, ndipo munthu wotuluka kukayankha foni n'kubwereranso akhoza kuwerengedwa kawiri.

Tsopano tione zimene zimachitika pa tebulo penipeni. Pafika mayi atabereka mwana, wanena dzina lake, mtsikana wa pa tebulo wayendetsa chala pamndandanda kawiri osalipeza. Kumbuyo anthu ayamba kung'ung'udza. Mtsikanayo akanakhala wosaphunzitsidwa akanangolemba dzinalo mmunsi mwa pepala ndi bolopeni, kuti mzere uyende. Koma wafunsa mwaulemu, "Mayi, mwachokera gulu liti? Kapena mwabwera m'malo mwa munthu wina?" Mayiwo ayankha kuti wapampando wa gulu lawo wapita kumaliro, ndipo wawatuma iwo monga alembi a gululo. Dzina la wapampandoyo lapezeka. Pa mzere wake palembedwa WATUMA, ndipo m'danga la ndemanga mwalowa dzina ndi foni ya mayi wafikayu. Funso limodzi lija lapulumutsa ziwerengero ziwiri. Likanapanda kufunsidwa, wapampandoyo akanawerengedwa ngati wosafika, mayiwo ngati wosalembetsa, ndipo lipoti likanati gulu lawo silinaimiridwe pomwe linalipo.

Anthu amene mayina awo mulibe ndithu, ndipo sanatumidwe ndi aliyense, asaimitse mzere waukulu. Apite pa tebulo lachinayi, laling'ono, pamene pali pepala lopanda kanthu lokhala ndi madanga omwe aja, ndi munthu amene ali ndi mphamvu yonena kuti alowe kapena adikire. Kubweza munthu pakhomo n'kovuta pa chikhalidwe chathu, makamaka ngati wayenda mtunda, ndipo ine sindiona chifukwa chomubwezera ngati malo alipo. Chofunika ndi chakuti alembedwe padera, ndipo auzidwe pomwepo, mwaulemu koma momveka, ngati sadzalandira ndalama yoyendera. Mkangano wa madzulo pa tebulo la msungichuma umayambira pa zinthu zimene sizinanenedwe m'mawa.

Pali anthu enanso amene amadya nawo koma si ophunzira: ophunzitsa, ogwira ntchito a bungwe, madalaivala, mlendo wolemekezeka ndi omuperekeza. Awa akhale ndi pepala lawo. Mu chitsanzo chathu alipo 14.

Kuwerenga kwa m'mawa ndi kuwerenga komaliza

Pa tsiku la msonkhano mumawerengedwa kawiri, ndipo kuwerenga kuwiriku kuli ndi ntchito zosiyana. Koyamba ndi kwa cha m'ma 10 koloko, kwa wophika, amene akufuna kudziwa kuchuluka kwa ufa wothira mumphika. Nambala imeneyi ndi yapanthawiyo chabe, ndipo ndi bwino kuiwonjezera pang'ono chifukwa ochokera kutali amakhala akadali m'njira. Kwachiwiri ndi kwa pamene kaundula watsekedwa, pa nthawi imene okonza msonkhano anagwirizana kale, mwina 1 koloko masana, mwina pa kutha kwa msonkhano. Nthawi imeneyi iyenera kudziwika msonkhano usanayambe. Ikapanda kudziwika, munthu wofika 3 koloko, msonkhano wotha 4 koloko, adzawerengedwa ngati amene anaphunzira tsiku lonse, ndipo mwina adzalandira ndi satifiketi yomwe. N'chifukwa chake danga la nthawi yofikira si lokongoletsera.

Liwu lakuti SANAFIKE lilembedwe kaundula atatsekedwa basi. Nthawi isanakwane, danga likhale lopanda kanthu. Kaundula akatsekedwa, mlembi amasonkhanitsa mapepala a matebulo onse, amalowetsa zochongedwa mu kompyuta, amaonjezera osalembetsa aja mmunsi mwa mndandanda, kenako mizere yonse yotsala yopanda liwu amailemba SANAFIKE. Ngati mawuwa ali m'danga E, kuwerenga n'kosavuta:

```
=COUNTIF(E2:E238,"WAFIKA")
=COUNTIF(E2:E238,"SANAFIKE")
```

Mu chitsanzo chathu, oitanidwa amene afika okha ndi 142. Amene atuma wina ndi 11. Osalembetsa ndi 23. Tikaphatikiza, muholo munali ophunzira 176. Tsopano taonani mmene masamu onama aja akanatisocheretsera. Tinkayembekezera 188, afika 176, ndiye kuti osafika ndi 12 okha, ndipo anthu 94 pa 100 alionse abwera. Wapampando akanaomba m'manja. Koma tikawerenga mzere ndi mzere, pa oyembekezeka 188 aja, mipando imene inakhalidwa ndi mwini wake kapena womuimira ndi 153. Osafika ndi 35, pafupifupi 19 pa 100 alionse, kapena kuti munthu mmodzi pa asanu. Kusiyana kwa 12 ndi 35 ndi anthu 23 aja amene anabwera osaitanidwa.

Mlembi asanauze aliyense nambala izi, pali kuyesa kumodzi kumene sayenera kukulumpha. Aphatikize mawu onse asanu ndi limodzi aone ngati akukwana mizere yonse. Obwereza 9, opepesa 17, ofika 142, otuma 11, osafika 35: zonsezi zikupereka 214, mizere imene tinayamba nayo. Tikaonjezera osalembetsa 23 tikupeza 237, ndipo mndandanda uyenera kukhala ndi mizere 237 ya mayina. Ikapezeka kuti yaperewera ndi umodzi kapena iwiri, ndiye kuti pena pake liwu lalembedwa molakwika kapena danga latsala lopanda kanthu, ndipo sefa ya Filter pa danga E imaonetsa msanga pamene pali vuto.

Osafika 35 aja ndi ndani?

Apa ndi pamene mndandanda umayamba kulankhula zinthu zimene maso sakanaona muholo. Nambala 35 payokha imangodandaulitsa. Koma popeza mzere uliwonse uli ndi dera, tikhoza kufunsa kuti osafikawo ndi ochokera kuti. Tinene kuti madera akutali kwambiri, a kuseri kwa mtsinje, mlembi anawalemba kuti KUTSIDYA m'danga D:

```
=COUNTIFS(D2:D238,"KUTSIDYA",E2:E238,"SANAFIKE")
```

Yankho latuluka 22. Kutsidyako tinkayembekezera anthu 40, ndiye kuti oposa theka sanafike. M'madera ena onse tinkayembekezera 148, ndipo osafika ndi 13 okha, pafupifupi 9 pa 100 alionse. Tikayang'ananso osalembetsa 23 aja, tikupeza kuti 19 ndi a pafupi ndi pa boma, oyenda wapansi. Chithunzi chasinthiratu. Anthu a boma lino si onyalanyaza misonkhano. Msonkhano unalephera kufikira dera limodzi, ndipo mipando ya anthu akutali inadzazidwa ndi anthu apafupi, amene mwina aphunzira kale zinthu zomwezi kangapo. Ngati cholinga chinali chakuti magulu akumidzi yakutali aphunzire kusunga mabuku, cholingacho chakwaniritsidwa mwatheka, ngakhale kuti holo inadzaza.

Izi zimandikhudza, chifukwa anthu amene amasowa pa misonkhano yotere nthawi zambiri ndi omwe amaifunitsitsa. Akapanda kuwerengedwa padera, palibe amene amadziwa kuti anasowa, ndipo chaka chamawa amasowanso pa zifukwa zomwezo.

Zifukwazo mndandanda sunena. Zimapezeka poimba foni, tsiku lotsatira kapena linzake, nkhani isanazizire. Kuimbako kusakhale kokalipa. "Tinakusowani dzulo, kodi kuli bwino?" ndi funso limene limatsegula pakamwa. Mayankho amakhala osiyanasiyana, ndipo aliyense amaloza kokonza kwake. Ngati ambiri akuti mvula inagwa usiku ndipo mtsinje unadzaza, vuto ndi mwezi umene msonkhano unaikidwa. Ngati akuti analibe ndalama yokwerera, poti bungwe limabweza munthu akafika kale, vuto ndi kaperekedwe ka ndalamayo, ndipo mwina gawo lina liyenera kutumizidwiratu pa Airtel Money kapena Mpamba. Ngati akuti linali tsiku la msika, kalendala ndiyo inalakwika. Ndipo ngati wina akuti, "Msonkhano wake uti?", ndiye kuti dzina lake linalembedwa ndi munthu wina iye osadziwa. Munthu wotere sanaphwanye lonjezo lililonse. Mayina obwera papepala kudzera mwa munthu wachitatu ndi amene amafunika kuwaimbira masiku awiri kapena atatu msonkhano usanachitike, kuti mwini dzina avomere ndi pakamwa pake.

Mbale ndi masiginecha

Kaundula wa pakhomo si mboni yokhayo ya tsikulo. Wophika ali ndi chiwerengero chake, msungichuma ali ndi chake, ndipo lipoti lisanalembedwe ziwerengero zitatuzi zikhale pamodzi. Ophunzira 176 ndi ogwira ntchito 14 akupereka mbale 190. Tinene kuti wophika wabweretsa 197. Kusiyana kwa mbale 7 si chifukwa chokayikira munthu msanga. Mwina alonda ndi osesa a paholopo anadya nawo, mwina ena anabwereza, mwina alipo amene analowera kumbali osalembetsa. Njira yochepetsera mkangano wotere ndi makhadi a chakudya okhala ndi manambala, operekedwa pakhomo pamene munthu wachongedwa. Wophika amatolera makhadiwo, ndipo madzulo onse awiri amawerenga chinthu chimodzi chogwirika.

Pepala la ndalama zoyendera limafuna maso akuthwa kuposa pamenepa. Ngati anagwirizana kuti olandira ndi oitanidwa ndi owaimira okha, masiginecha ndi zidindo za chala ziyenera kukhala 153 kapena kucheperapo. Zikachepera, pali amene anachoka osalandira, ndipo ndalama yawo iyenera kuoneka kuti yatsala. Zikapitirira, pali funso loyenera kuyankhidwa tsiku lomwelo. Kawirikawiri zimapezeka kuti wotumidwa anasaina kawiri, pa dzina lake ndi pa dzina la womutuma, kapena munthu anasainira mnzake amene sanabwere. Njira yabwino ndi yakuti pepala la msungichuma lisindikizidwe kaundula atatsekedwa, lichokere pa mizere ya WAFIKA ndi WATUMA yokha. Dzina la munthu amene sanafike likapanda kuoneka pa pepala la ndalama, palibe mpata wolisainira.

Msonkhano ukakhala wa masiku awiri pamabwera msampha wina. Tinene kuti tsiku lachiwiri kwafika ophunzira 161. Kuphatikiza 176 ndi 161 n'kunena kuti kunali anthu 337 ndi kulakwitsa, chifukwa ambiri ndi omwewo. Nambala 337 ndi yothandiza kwa wophika, osati kwa wofunsa za anthu. Tsiku lililonse likhale ndi danga lake pa mzere womwewo wa munthu. Ngati pa 161 aja 6 ndi oitanidwa amene dzulo lake sanafike, ndiye kuti amene anakhala masiku onse awiri ndi 155, amene anafika ngakhale tsiku limodzi ndi 182, ndipo amene sanaonekeko n'komwe atsika kuchoka pa 35 kufika pa 29. Lipoti linene nambala imene likugwiritsa ntchito, ndipo masatifiketi atsatire 155.

Lipoti la kwa okonza

Lipoti lomaliza likwane tsamba limodzi. Wapampando ndi opereka thandizo safuna mayina, amafuna kuona mmene nambala imodzi yabadwira kuchokera ku inzake. Pa tsiku loyamba la chitsanzo chathu, mutu wake ukhoza kuoneka motere:

Mizere yolembedwa: 214. Yobwereza: 9. Opepesa: 17. Oyembekezeka: 188.
Ofika okha: 142. Otuma wina: 11. Osafika: 35, kapena 19 pa 100 alionse oyembekezeka.
Osalembetsa: 23. Ophunzira onse muholo: 176. Ogwira ntchito ndi alendo: 14.

Pansi pake pabwere kagawidwe ka madera, ndi ka amayi ndi abambo ngati munalemba zimenezo, kenako ziganizo zochepa zonena nthawi imene kaundula anatsekedwa, kusiyana kwa mbale ndi mmene kwafotokozedwera, ndi zimene osafika ananena ataimbiridwa. Paliponse pamene mwalemba "pa 100 alionse", nenani kuti mwayeza ndi nambala iti. Osafika 35 akayezedwa ndi 188 amapereka 19, akayezedwa ndi 214 amapereka 16, ndipo misonkhano iwiri siingafanizidwe ngati wina anayeza uku wina uko.

Pamakhala chiyeso chokometsera lipoti, makamaka pamene thandizo la chaka chamawa likudalira pa ilo. Mlembi amauzidwa kuti angolemba 176 pa 188, zina asiye. Ndikuona kuti kutero n'kudzipweteka. Lipoti lonena poyera kuti dera lakutsidya silinafikiridwe, ndi chifukwa chake, ndilo limapatsa bungwe mphamvu yopempha kuti kukachitike maphunziro ena komweko, m'nyengo yopanda mvula. Ndipo pokonza msonkhano wotsatira, nambala zoonazi ndizo zimathandiza: ngati pa misonkhano ingapo ya anthu omwewa osafika akhala pafupifupi mmodzi pa asanu, wophika sauzidwanso kuti akonzekere onse olembetsa. Msonkhano umodzi wokha sungakhale muyeso, chifukwa maliro amodzi a munthu wodziwika akhoza kuchotsa dera lonse pa tsiku limodzi.

Chomaliza ndi mndandanda weniweniwo. Uli ndi mayina, mafoni, midzi, masiginecha, mwinanso manambala a ziphaso za unzika. Malawi ali ndi lamulo loteteza uthenga wokhudza anthu limene linakhazikitsidwa mu 2024, ndipo bungwe la MACRA ndilo linapatsidwa udindo woliyang'anira. Mndandanda wa msonkhano ndi uthenga wotero. Usatumizidwe pa gulu la WhatsApp la onse amene anabwera, ndipo usasiyidwe pa tebulo la pakhomo kuti wodutsa aliyense aujambule ndi foni. M'dziko limene anthu akuba kudzera pa foni amasakasaka nambala ndi mayina, pepala lonena kuti uje ndi msungichuma wa banki mkhonde ya mudzi wakuti ndi loopsa likagwera m'manja olakwika. Ngati nambala ya chiphaso siikufunika pa ntchito iliyonse, isafunsidwe. Mapepala a pakhomo amangidwe pamodzi ndi pepala la ndalama, mlembi ndi msungichuma asaine pa tsamba lomaliza ndi kulembapo tsiku, ndipo asungidwe mu kabati yokhoma mpaka ofufuza mabuku atamaliza ntchito yawo.